Kutsatsa inshuwalansi ya maliro popanda kuopseza anthu

"Ndimagulitsa inshuwalansi ya maliro ndipo abwana andiuza kuti ndilembe uthenga wa pa wailesi. Ndilembe bwanji kuti anthu asamve ngati ndikuwalosera imfa?"

Achemwali, poyamba chotsani chiganizo chilichonse choloza imfa kwa womvera. Mawu ngati akuti "Mutafa mawa, ana anu agula bokosi ndi chiyani?" amagwira mtima ndithu, koma amaugwira ndi mantha ndi manyazi. Kwathu kuno kutchulira munthu wamoyo tsiku la imfa yake kumamveka ngati kumufunira zoipa. Kumbukiraninso kuti pakati pa omvera pali amene aika m'bale wawo sabata yomweyo, mwina bokosi lake linali la ngongole. Ameneyo asamve ngati mukumudzudzula.

Lankhulani za otsala ndi ntchito imene imawagwera: kunyamula thupi kuchoka m'tauni kupita kumudzi, bokosi, ufa ndi ndiwo za anthu ogona pa siwa, chakudya cha adzukulu. Zimenezi aliyense amazidziwa, simufunika kuzikometsera ndi kulira kwa amayi kumbuyo kwa mawu.

Chimene chimakhazika mtima pansi kwenikweni ndi kunena zoona momveka. Tiyerekeze kuti ndondomeko yanu ndi ya K5,000 pa mwezi ndipo imapereka K1,000,000. Ine ndingalembe chonchi:

"Chisoni chikagwa pakhomo, banja limafuna mpata wolira ndi kulandira odzapepesa. Mukamapereka K5,000 pa mwezi, banja lanu lidzalandira K1,000,000 yothandizira bokosi, galimoto ndi chakudya. Thandizo pa imfa ya matenda limayamba pakatha miyezi 6 chilowereni. Tifunseni, tikufotokozerani zonse musanasaine."

Chiganizo cha miyezi 6 ndi chimene ambiri amafuna kuchibisa, poti amati chithawitsa makasitomala. Musalole zimenezo. Ndondomeko zambiri zili ndi nthawi yodikira yotere pa imfa ya matenda, pamene imfa ya ngozi kawirikawiri amailipira kuyambira pachiyambi. Onani zimene zalembedwa mu yanu ndipo munene zomwezo. Banja lomwe lamva za nthawi yodikira koyamba thupi lili kale ku mochale silidzaiwala, ndipo onse obwera pamaliropo adzamva kuti munawanamiza. N'chimodzimodzi ndi malire a zaka za makolo olembetsedwa, komanso zimene zimachitika munthu akadumphitsa kulipira. Zikachuluka pa wailesi, zilembeni pa kapepala kogawira anthu ndi zilembo zowerengeka bwino.

Musalonjeze kuti ndalama zituluka "nthawi yomweyo" ngati ofesi imayamba yafuna kalata ya imfa ndi chiphaso cha womwalirayo. Tchulani masiku enieni ndi zikalata zofunika.

Mukamaliza, kawerengereni mokweza munthu wachikulire amene anayendetsapo mwambo wa maliro, kaya ndi mkulu wa mpingo kapena mayi wa mvano. Pamene waima n'kufunsa kuti "mukutanthauza chiyani apa?", lembaninso pamenepo.