Kodi 60 peresenti ya pa foni ikutanthauza chiyani pozindikira mtundu wa gulugufe?

"Ndinajambula gulugufe wofiirira wa nsonga zakuda pa mapiko, ndipo pulogalamu ya pa foni yanga inandipatsa mayina angapo: *Danaus chrysippus* 60 peresenti, *Hypolimnas misippus* 37 peresenti, ndi lina la 3 peresenti. Tsiku lina inandipatsa 95 peresenti pa kachilombo kena, koma munthu wodziwa bwino tizilombo anandiuza kuti dzinalo linali lolakwika. Kodi manambala amenewa amachokera kuti, ndipo ndiziwakhulupirira mpaka pati?"

Zikomo kwambiri polemba. Choyamba kuchidziwa n'chakuti pulogalamuyo sinatenge chithunzi chanu n'kuchiyika pambali pa zithunzi zina chimodzichimodzi kuti ione chofanana nacho, monga mmene munthu amachitira ndi buku la zithunzi. Isanafike pa foni yanu, pulogalamuyo inaphunzitsidwa ndi zithunzi zambirimbiri zimene anthu anazipatsa kale mayina. Pa chithunzi chilichonse inkayesa kutchula dzina, ndipo ikalakwa, manambala a m'kati mwake ankasinthidwa pang'ono, mpaka inazolowera mitundu ya utoto, mizere, madontho ndi kapangidwe ka thupi kamene kamapezeka kawirikawiri pa dzina lililonse. Mukaipatsa chithunzi chatsopano, imachichepetsa kukhala kachithunzi kakang'ono ka timadontho totchedwa mapikiselo, mazana ochepa mbali iliyonse, n'kuchidutsitsa m'magawo ambiri a masamu, ndipo pamapeto pake dzina lililonse limene ikulidziwa limalandira nambala yake. Mndandanda umene mumauona ndi mayina amene apeza manambala aakulu, oyikidwa kuyambira lalikulu kutsika m'munsi.

Manambala oyambawo si maperesenti ayi. Kuti akhale maperesenti, kawirikawiri amadutsa mu njira ya masamu yotchedwa sofutimakisi, ndipo pamenepa m'pamene pagona yankho la mafunso anu onse awiri, choncho ndiloleni ndiwerengere pamaso panu. Tiyerekeze kuti pulogalamuyo ikudziwa mayina atatu okha, ndipo chithunzi chanu chapatsa *Danaus chrysippus* 4.0, *Hypolimnas misippus* 3.5, ndi dzina lachitatu 1.0. Njirayi imatenga nambala yapadera yotchedwa e, imene ndi pafupifupi 2.718, n'kuikweza ku mphamvu ya nambala ya dzina lililonse, kenako imagawa chotsatira chilichonse ndi zonse zitaphatikizidwa.

```
e^4.0 = 54.6    54.6 / 90.4 = 60%
e^3.5 = 33.1    33.1 / 90.4 = 37%
e^1.0 =  2.7     2.7 / 90.4 =  3%
```

Nambala ya 90.4 ndi zonse zitatu zitaphatikizidwa. Onani kuti maperesentiwo amakwana 100 nthawi zonse, chifukwa amagawidwa pakati pa mayina amene pulogalamuyo ikuwadziwa basi. Tsopano tiyerekeze kuti opanga pulogalamuyo sanaikemo *Hypolimnas misippus*, mwina chifukwa analibe zithunzi zokwanira za mtunduwo. Chithunzi chanu n'chomwecho, gulugufe ndi yemweyo, koma kugawa kwasintha: 54.6 pogawa ndi 57.3 kumapereka 95 peresenti. Ngati gulugufe amene munajambula anali *Hypolimnas misippus*, pulogalamuyo ikanakuuzani dzina lolakwika ndi nambala yooneka yodalirika kwambiri, osati chifukwa yaona bwino, koma chifukwa dzina loona silinali pa mpikisano. Sindinaone chithunzi cha kachilombo kanu kachiwiri, koma chimenechi ndi chifukwa chimodzi chachikulu chimene 95 peresenti imalakwira, ndipo chimachitika kwambiri pa tizilombo ting'onoting'ono, njenjete, akangaude ndi bowa, kumene mitundu ndi yochuluka koma yojambulidwa ndi kutchulidwa bwino ndi yochepa. Mwachitsanzo, pulogalamu ya iNaturalist, imene inayamba kupereka mayina kuchokera pa zithunzi mu 2017, imafuna zithunzi pafupifupi 100 za mtundu umodzi isanauike pa mndandanda wa mitundu yophunzitsidwa. Mtundu umene sunafike pamenepo kulibe kwa pulogalamuyo, ngakhale utakhala weniweni pamaso panu.

Choncho nambalayo muziiwerenga motere: mwa mayina amene ndikuwadziwa, ili ndi limene likuyenerana kwambiri ndi chithunzichi, ndipo laposa anzake ndi mulingo uwu. Siikunena kuti gulugufe wanu akufanana ndi mtunduwo pa magawo 60 mwa magawo 100 a thupi lake. Ndiponso silonjezo lakuti pa zithunzi 100 zolandira 60 peresenti, zithunzi 60 zidzakhala zolondola. Opanga mapulogalamu ena amayesetsa kuwongola manambala kuti afike pafupi ndi tanthauzo limeneli, poyesa pulogalamuyo pa zithunzi zimene sinazionepo, koma ngakhale atatero, kuwongolako kumagwira bwino pa zithunzi zofanana ndi zimene anayesera, ndipo n'chodziwika kuti mapulogalamu a mtundu umenewu amakonda kudzikhulupirira kuposa mmene ayenera.

Tibwerere kwa gulugufe wanu, chifukwa ine ndikuona kuti 60 ndi 37 imene inakusokonezaniyo ndi yankho labwino kuposa 95 ija. Agulugufe awiriwa ndi chitsanzo chodziwika cha kutengera maonekedwe, kumene katswiri wa zachilengedwe Henry Walter Bates anakufotokoza mu 1862 ataphunzira agulugufe a ku Amazon. Mbozi za *Danaus chrysippus* zimadya zomera za utomoni woyera zimene zili ndi poizoni, ndipo mbalame zimaphunzira kupewa gulugufe wa maonekedwe amenewo. Wamkazi wa *Hypolimnas misippus* amaoneka chimodzimodzi, wofiirira ndi nsonga zakuda za madontho oyera, ndipo amapulumuka chifukwa cha kufananako, pamene wamwamuna wake ndi wakuda wokhala ndi mabanga aakulu oyera ozunguliridwa ndi utoto wa buluu wonyezimira. Ngati mbalame zimene moyo wake umadalira kuona bwino zimapusitsidwa, n'zosadabwitsa kuti pulogalamu nayo yagawa maperesenti pakati pa awiriwa. Mndandandawo wakuuzani zoona: yankho lili pakati pa mayina awiri, ndipo chithunzi chimene munapereka sichikwanira kuwalekanitsa.

Chimene muyenera kuyang'ana kwambiri ndi mpata umene uli pakati pa dzina loyamba ndi lachiwiri, osati kukula kwa nambala yoyamba yokha. Dzina la 60 peresenti lotsatiridwa ndi mayina a 5, 4 ndi 3 lili patsogolo momveka, pamene 60 yotsatiridwa ndi 37 ndi mpikisano wa awiri umene ungatembenuke mutangojambula kuchokera mbali ina. M'chitsanzo chathu manambala oyamba anasiyana ndi 0.5 yokha, ndipo kusiyana kochepa chotero kungabwere chifukwa cha mthunzi, kuwala kwa dzuwa kapena tsamba lobisa mbali ya phiko.

Mukapeza mpikisano wotere, funsani kuti mayina apamwambawo ndi apachibale motani. Dzina la sayansi lili ndi mawu awiri, ndipo loyamba ndi la gulu lotchedwa jenasi. Mayina atatu apamwamba akakhala a jenasi imodzi, wina 40, wina 30, wina 20, ndiye kuti jenasiyo yalandira 90 peresenti, ndipo mungathe kuima pa dzina la jenasi molimba mtima ngakhale mtundu weniweni usanadziwike. N'chifukwa chake iNaturalist nthawi zambiri imayamba ndi kutchula jenasi kapena banja pamwamba pa mndandanda, kenako n'kuika mitundu m'munsi mwake. Kwa inu zinthu zili mosiyana: *Danaus* ndi *Hypolimnas* ndi majenasi awiri, ndipo amakumana pa banja la Nymphalidae. Choncho 97 peresenti yophatikiza ikukutsimikizirani banja lokha. Kulemba dzina la banja sikulephera ayi, ndipo ndi kwabwino kuposa kulemba dzina la mtundu limene mwangoligwira chifukwa linali pamwamba.

Kuti mudutse pamenepo, pafunika maso anu. Yang'anani phiko lakumbuyo. Pa *Danaus chrysippus* pamakhala madontho akuda atatu pakati pa phikolo, ndipo wamwamuna amakhala ndi lachinayi lokulirapo, pamene wamkazi wa *Hypolimnas misippus* alibe kagulu ka madontho kameneka ndipo m'mphepete mwa phiko lake lakumbuyo mumakhala mopindikapindika kwambiri. Ngati pa chithunzi chanu mapiko akutsogolo anaphimba akumbuyo, kapena gulugufeyo anali kadontho kakang'ono pakati pa masamba, chizindikiro chimenechi chinatayika pamene chithunzi chinachepetsedwa, ndipo pulogalamuyo inalibe poonera. Dulani chithunzicho kuti gulugufe adzaze malo onse, n'kuchiperekanso. Ngati muli ndi zithunzi zina za gulugufe yemweyo, makamaka choonetsa kunsi kwa mapiko, ziperekeni chimodzichimodzi. Dzina limene likukhalabe pamwamba pa zithunzi zitatu zosiyana ndi lodalirika kwambiri kuposa dzina limene lapeza nambala yaikulu kamodzi kokha, ndipo mndandanda umene ukusinthiratu pa chithunzi chilichonse ndi chizindikiro chakuti pulogalamuyo ikungoyerekeza, mwina chifukwa mtunduwo siili nawo. Pa zomera mfundo yake ndi yomweyi, ndipo pulogalamu yozindikira zomera ya Pl@ntNet imakufunsani ngati mwajambula tsamba, duwa, chipatso kapena khungwa, n'kukulolani kupereka ziwalo zingapo za chomera chimodzi nthawi imodzi.

Pali chinthu china chimene chimasintha mndandanda anthu ambiri osachizindikira, ndicho malo. Mapulogalamu ena amaphatikiza maonekedwe a chithunzi ndi malo amene chinajambulidwa, motero mtundu wodziwika kuderalo umakwera, ndipo wa kudera lakutali umatsika. Pa iNaturalist mudzaona mawu akuti "Visually Similar", kutanthauza wofanana maonekedwe, ndi "Expected Nearby", kutanthauza woyembekezeka kupezeka m'deralo, pansi pa dzina, ndipo dzina lokhala ndi onse awiri ndi lolimba kuposa lokhala ndi oyamba okha. Chithunzi chopanda malo chingakupatseni mtundu wa ku kontinenti ina umene umangofanana ndi wanu. Komabe malo ali ndi malire ake: amalakwitsa pa zomera zobzalidwa ndi nyama zoweta zimene zinachokera kutali, ndiponso sangathandize pa agulugufe anu awiriwa, popeza onse amapezeka m'madera ambiri omwewo a Africa ndi Asia.

Ndinene mwamphamvu za bowa ndi zomera zimene munthu angafune kudya kapena kuchita nazo mankhwala. Pamenepo palibe nambala yokwanira, ngakhale 99 peresenti, chifukwa bowa wakupha monga *Amanita phalloides* amasiyanitsidwa ndi zizindikiro zimene chithunzi cha pamwamba sichionetsa, monga kathumba ka pa tsinde kobisika m'nthaka, ndipo kulakwa kamodzi kumawononga chiwindi.

Pa gulugufe wanu, tsegulani chithunzicho, kulitsani phiko lakumbuyo, ndipo muwerenge madontho. Akaoneka atatu kapena anayi pakati pa phiko, dzina loyamba ndilo lolondola. Akapanda kuoneka pa phiko looneka bwino lomwe, ndiye kuti dzina la 37 peresenti ndilo loona, ngakhale linali lachiwiri. Phikolo likakhala lobisika, lembani Nymphalidae, tchulani mayina awiriwo, ndipo muike chithunzicho pamene anthu odziwa agulugufe angachione.