Thabwa la mawaya la agogo: banjo kapena bangwe?

"Ndimakhala ku Matero. Pokonza m'nyumba ya malemu agogo aamuna, omwe kwawo kunali ku Chadiza, tinapeza thabwa lokhala ndi mawaya adzimbiri, mbali imodzi italowa m'chitini. Amalume akuti ndi banjo yothyoka. Ndatumiza chithunzi. Kodi n'chiyani chimenechi?"

Zikomo amayi, ndipo pepani ndi maliro a agogo. Chithunzi chanu ndachiyang'ana nthawi yaitali, ndipo ine ndikuona bangwe, chimene ena kumpoto kwa Malawi amatcha pango. Amalume sindikuwadabwa. Ife a mu Lusaka tikangoona chitini ndi waya timakumbukira mabanjo amene anyamata amakhoma m'makomboni, ndiye maso amathamangira komweko.

Koma chitini sichitiuza zambiri. Poyamba funani khosi. Banjo ili ndi khosi lalitali lowonda, pamene woimba amakanikiza nsambo ndi zala, ndipo kumutu kwake kumakhala zichiri zokungira. Ngakhale itathyoka, pamatsala chitsa kapena bowo pamene khosilo linalowera. Pachithunzi chanu palibe zimenezo. Pali thabwa lafulati, lotambalala chimodzimodzi mbali yonse imene ikuoneka, ndipo m'mphepete mwake ndi mosalala, mosonyeza kuti mmisiri analisema dala motero.

Tsopano taonani mabowo. Kumapeto kumene kukuonekako ndawerenga asanu ndi awiri, ondandalikana mzere umodzi, pomwe mizere ya waya yatsala isanu yokha. Pachinthu chakale werengani mabowo, chifukwa waya amaduka n'kutayika koma bowo silichoka. Nsambo 7 ndizo zofala pa bangwe, ngakhale Asena a kuchigwa cha Shire amapanga zina za nsambo zochulukirapo.

Chimene chimandisangalatsa kwambiri pa bangwe n'chakuti nsambo zonsezo kawirikawiri ndi waya mmodzi. Mmisiri amamulowetsa pabowo loyamba, kumudutsitsa pamwamba pa thabwa, kumutsitsa pabowo la tsidya linalo, kenako kumutulutsira pabowo loyandikana nalo n'kubwerera, ngati mmene munthu amasokera mphasa. Mukalitembenuza thabwalo muyenera kuona tizidutswa tawaya tifupitifupi tolumpha kuchoka pabowo lina kupita pa linzake. Mukationa, nkhani yatha, ndi bangwe basi. Nanga popanda zichiri amachuna bwanji? Amalowetsa timitengo kapena tinsungwi pansi pa nsambo iliyonse, n'kumatisuntha mpaka mawu atakhala. Kathabwa kakang'ono kamene kapendekeka pansi pa waya wachitatu pachithunzipo ndi kamodzi ka timeneti, chonde musakataye poyesa kuti n'chinyalala.

Chitinicho ntchito yake ndi kukweza mawu. Kale ankagwiritsa ntchito chipanda chachikulu, ndipo zitini za parafini ndi za mafuta zitabwera anthu anayamba kulowetsa thabwa m'menemo. Ena amamangirirapo zitsekerero za mabotolo kuti zizichita phokoso la nyenyenye poimba. Timabowo tiwiri tili m'mbali mwa chitini chanu mwina tinali ta zimenezo, koma apa ndikungoganiza.

Zoimbira zina ziwiri zimene anthu amasokoneza ndi bangwe sizivuta. Kaligo ali ndi nsambo imodzi, ndodo yobooleza kang'oma kokutidwa ndi chikopa, nthawi zambiri cha ng'azi, ndipo amamuliza ndi kauta. Zeze ndi kandodo kopyapyala kokhala ndi timapiri tosemedwa pokanikizira zala, chipanda chili lende pansi pake. Chanu chilibe chikopa, chilibe timapiri.

Chithunzi chimodzi chili ndi malire ake. Mwajambula chapambali, madzulo, ndipo theka la thabwa labisika m'chitini. Mtengo wake sindingautchule. Kufiirira kwake kukufanana ndi mlombwa, umene kuno ambiri amati mukwa, koma utsi wa m'nyumba ya maudzu umadetsa mtengo uliwonse. Kukulanso sikukudziwika popeza palibe choyerekezera. Bangwe zambiri zimatalika pafupifupi theka la mita kapena kupitirirako pang'ono. Ngati n'kotheka jambulaninso panja m'mawa, bokosi la machesi lili pambali: chimodzi kuchokera pamwamba penipeni, china kunsi kwa thabwa, chachitatu chapafupi pamabowo. Yang'ananinso pamene mtengo wasalala ndi kuda chifukwa cha thukuta, pamenepo ndi pomwe manja a agogo ankagwira.

Pakadali pano musakunge wayayo, ngakhale ana atakakamira kuti amve kulira kwake. Popeza ndi mmodzi, akaduka malo amodzi nsambo zoyandikana nazo zimakhwefuka, timitengo tija timagwa, ndipo malo amene agogo anatiika osadziwikanso. Musapale dzimbiri, musapake vanishi. Pukutani fumbi ndi kansalu kouma, muchisunge pouma kutali ndi chiswe.

Ndipo ngati ku Chadiza kudakali achemwali awo a agogo kapena anzawo a msinkhu umodzi, atumizireni chithunzicho pa foni. Afunseni dzina limene ankachitchula kumudziko, ndiponso ngati agogo ankakhwacha nsambo zonse pamodzi ndi chala chimodzi, dzanja lina likutseka zosafunika, kapena ankadola imodziimodzi. Mukamva, mundilemberenso.