Ndalama zikuthera ku zakudya zakwathu, kodi ndiyambe kuitanitsa?

Funso: Ndili kunja chaka chachiwiri tsopano. Ufa, nyemba ndi zina zomwe tinazolowera ndimagula pa kashopu kamodzi, paketi ya ufa ya kilo imodzi ndi 4 ndalama zakuno ndipo m'nyumba timatha makilo 10 pamwezi. Ndikuganiza zoti achimwene azinditumizira pa ndege, zina tizidya zina ndizigulitsa kwa anzanga. Ndiyambe bwanji?

Achemwali musayambe kaye, khalani pansi. Kalata ngati yanuyi ndaiwerenga kambirimbiri ndipo onse amathamangira ku ndege asanayende n'komwe mu tawuni yomwe akukhalayo.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Chikwama chimodzi pa ndege zambiri ndi makilo 23. Tingoyerekeza kuti chikwama choonjezera mwalipira 100, ndiye kuti kilo iliyonse yadya kale 4 ndi kakobiri pamwamba, ufawo musanaugule, achimwene musanawapatse ya thiransipoti, wonyamulayo musanamuthokoze. Mwafika pa mtengo wa kashopu kaja mulibe phindu ngakhale pang'ono. Ufa ndi katundu wolemera koma wotchipa, sukwera ndege. Komanso pa bwalo la ndege si zonse zimalowa, mayiko a ku Ulaya salola nyama ndi zamkaka za m'chikwama kuchokera kunja, ku Australia ndi ku America mbewu ndi zomera amafuna muzinene ndipo akhoza kulanda. Zikalandidwa palibe amakubwezerani.

Vuto lanu lenileni ndi loti mukugula dzina. Mumalowa mu shopu kufuna chinthu ndi dzina lomwe munakulira nalo, ndiye yemwe amalidziwa dzinalo ndi mmodzi yekha mu tawuni monse, akutchajani mmene akufunira. Chonsecho zinthu zomwezo anthu amitundu ina amadyanso ndipo amagula ndi matumba. Pitani kumene kumagula amwenye, anthu a ku West Africa, kapena a ku South America. Therere amwenye amati bindi, chinangwa olankhula Chisipanishi amati yuka, nandolo wosenda mukafunsa kuti tuwa dalo akupatsani. Musamafunse pakamwa pokha ayi, onetsani chithunzi pa foni, wogulitsa akulozerani shelefu.

Koma pa ufa pokhapo samalani, apa ndi pomwe anthu amataya ndalama. Ku Britain chomwe amachitcha konifulawa ndi sitachi wolimbitsira msuzi, ukachigwira chimalira tswii pakati pa zala, mukaphika mupeza zonanda ngati guluu. Polenta ndi chimanga ndithu koma kawirikawiri chachikasu komanso chokhakhala. Masa harina ndi chimanga chomwe anachiphika kaye m'madzi a laimu, fungo ndi kakomedwe n'zina. Ndiye lamulo langa ndi loti kagulani kapaketi kakang'ono kaye, mukaphike kunyumba, ana akadya osadandaula ndiye mubwerere thumba. Mayi wina anandilembera atagula thumba lonse la ufa wolakwika chifukwa choti linali pa selo, mpaka lero likungotchinga chitseko.

Mukaupeza woyenera funsani thumba la makilo 10, kapena funsani komwe kuli holoselo. Tinene kuti mwalipeza pa 18, basi kupita ndi kubwera 4, zonse 22. Pano mukulipira 40. Mwapulumutsa 18 pamwezi, pachaka kupitirira 200, popanda kuimbira foni aliyense. Kungoti musatengeke n'kugula matumba asanu, ufa umagwa anankafumbwe komanso wosakonola suchedwa kununkha chifukwa cha mafuta ake. Gulani wa mwezi umodzi kapena iwiri, thirani mu ndowa yotseka bwino, ngati firiza ili ndi malo uyambe wagonamo masiku angapo.

Tsopano za achimwene zija, pepani ndinena. Katundu wotumiza m'bale sakhala waulere. Lero akutumizirani chikwama, mwezi wamawa kukubwera meseji ya fizi ya mwana, ndipo mukana bwanji poti anakuvutikirani kusaka katundu? Anzanu mukuti muziwagulitsawo ndi omwewo adzanena kuti "ndipatseni kaye ndikalandira ndikuonani", inu manyazi, kope mulibe, pakutha miyezi itatu simukudziwa kuti ndani anatenga chani. Ndikubetcha kuti ngakhale 40 ya ufayi mwaiwerengera lero polemba kalatayi.

Ngati mtima wa bizinesi ulipobe, yambani ndi anzanu anayi, aliyense apereke ndalama zake kaye, mukagule matumba ku holoselo, mugawane pa sikelo, inu muonjezere kangachepe ka ulendo ndi nthawi yanu. Wosapereka asalembedwe. Mukadzafuna kugulitsa kwa anthu wamba mukafunse kaye ku khonsolo ya mzindawo za chilolezo chogulitsa zakudya, muonenso ngati mapepala anu okhalira m'dzikomo amalola bizinesi. Mwezi uno gulani kope, mulembe shopu, tsiku ndi mtengo wa kilo imodzi pa chilichonse, mudzandilemberenso mutayenda mashopu atatu.