Chithunzi chimodzi cha malemu bambo chikhoza kukwana

"Ndili ndi situdiyo ya zithunzi pa boma pano. Mayi ena ochokera ku Namwera abweretsa chithunzi chimodzi chokha cha malemu bambo awo, chojambulidwa paukwati, akufuna chachikulu chopachika pakhoma. Anzanga akuti pamafunika zithunzi 20 kuti kompyuta iphunzire nkhope. Ndiwabweze?"

Musawabweze achimwene. Zithunzi 20 anzanuwo akunena ndi za njira ya LoRA, pomwe mumaphunzitsa modelo, kutanthauza pulogalamu yopanga zithunzi kuchokera ku mawu amene mwalemba, nkhope ya munthu mmodzi. Pali njira ina imene simuphunzitsa kanthu.

Imayenda chonchi. Pulogalamu ya InsightFace imapeza nkhope pachithunzi, n'kuika madontho asanu: maso awiri, mphuno, ndi mbali ziwiri za pakamwa. Ndi madonthowo imawongola nkhopeyo n'kuidula kukhala kachithunzi ka mapikiseli 112 mbali zonse. Kachithunziko kamalowa mu ArcFace, modelo imene inaphunzitsidwa kale pa nkhope mamiliyoni kuti izisiyanitsa anthu, ndipo kumatuluka manambala 512. Manambalawa ndiwo embedingi. Adaputa ndi kamodelo kakang'ono komasulira manambalawo kuti modelo yojambula iwamve, monga momwe imamvera mawu amene mwalemba. Eni ake anaiphunzitsa kamodzi pa anthu ambirimbiri, n'chifukwa chake munthu watsopano imangomuwerenga. Mwa ma adaputa otere, IP-Adapter inatuluka mu 2023, InstantID mu 2024. Ine ndikanasankha InstantID mu ComfyUI, pulogalamu yoyendetsera mamodelo ojambula, chifukwa InstantID imagwiritsanso madontho asanu aja kusunga malo a maso ndi pakamwa. Koma imayendera SDXL, modelo yojambula yaikulu, ndiye laputopu yopanda khadi lamphamvu la zithunzi idzakutopetsani. Kuli bwino kubwereka makina pa intaneti kwa ola limodzi.

Tsono apa ndi pamene pagona nkhani. ArcFace anaiphunzitsa kuti izimuzindikira munthu ngakhale atameta, atavala chipewa, kapena atajambulidwa mumdima. Choncho zinthu zimenezo imazinyalanyaza dala. Manambala aja amasunga kaumbidwe ka nkhope, koma kofiya, ndevu za imvi, mphini kapena chipsera cha pachipumi zimatha kusowa, pomwe ndi zomwe mwana amakumbukira pa bambo ake. Afunseni mayiwo zonsezi, muzilembe m'mawu olamulira. Mulembenso khungu lakuda, chifukwa mamodelo amenewa amakonda kuyeretsa khungu ndi kusalaza makwinya. Ine woyamba amene ndinapanga, nsodzi wachikulire wa ku Malombe, anatuluka ngati mnyamata wodzola mafuta oyeretsa. Mkazi wake anangoti, "Awa ndi ayani?"

Chithunzi cha ukwaticho musachijambule ndi foni n'kuchitumiza pa WhatsApp, imachifinya. Chiikeni pa sikana, 600 dpi. Dulani kuti atsale bambowo okha, apo ayi pulogalamu ikhoza kutola nkhope ya munthu wina. Koma musadule mothinana kwambiri; siyani mutu wonse ndi mapewa. Nkhope ikadzaza chithunzi chonse, nthawi zina imalephera kuipeza n'kukuuzani kuti palibe nkhope. Ndipo ngati nkhope ili yaing'ono yosafika mapikiseli 112 aja, manambala adzatuluka ndithu, koma osalongosoka. Mungayesedwe kuikonza kaye ndi mapulogalamu oyeretsa zithunzi zakale. Samalani nawo: amapeka maso ndi mano atsopano, ndiye adaputa idzakopera bwinobwino munthu amene sanakhaleko.

Mphamvu ya adaputa yambirani pa 0.8. Mukaona kuti kufanana kwachepa, kwezani pang'onopang'ono. Mukaona mitundu yapsa, khungu likunyezimira ngati pulasitiki, kapena mawu anu sakumvekanso, mwapyola. Tsitsani, mutsitsenso CFG, nambala yonena mmene modelo itsatire mawu anu, kufika pa 4 kapena 5. Tulutsani zithunzi zisanu ndi zitatu, kenako muziyeze ndi choyambirira:

```python
import cv2
from insightface.app import FaceAnalysis
app = FaceAnalysis(name="buffalo_l")
app.prepare(ctx_id=-1, det_size=(640, 640))
a = app.get(cv2.imread("bambo.jpg"))[0].normed_embedding
b = app.get(cv2.imread("chatsopano1.png"))[0].normed_embedding
print(a @ b)
```

Bwerezani pa chithunzi chatsopano chilichonse, mukusintha dzina la failo. Kuyeza kumeneku kumatheka ngakhale pa laputopu wamba. Nambala ikayandikira 1, nkhope zikufanana kwambiri. Anthu osiyana amagwera pafupi ndi 0. Tengani zitatu zapamwamba, muwaonetse mayiwo ndi m'bale wina wamkulu asankhe. Nambalayo musaikhulupirire yokha, poti muyesowo ndi wa mtundu umodzi ndi umene wapanga chithunzicho, ndiye zimene wina saona, mnzakenso saziona.

Auzeniretu mayiwo kuti chimene atenge si chithunzi chojambulidwa, ndi chopangidwa motengera nkhope ya bambo awo. Ena pabanjapo sangakondwe nacho, afunsane kaye. China chokhudza thumba lanu: mamodelo a InsightFace, kuphatikizapo antelopev2 amene InstantID imadalira, chilolezo chake ndi cha kafukufuku, osati malonda. Werengani chilolezocho musanaike mtengo pa ntchitoyi. Ngati sikanayo yatulutsa nkhope yooneka bwino, mwina kukulitsa chithunzi chenichenicho n'kungosintha kumbuyo kwake kuwakwanira mayiwo.