Foni yapita ku chinkhoswe, nyimbo zabwerako zachilendo

"Abale, Loweruka ndinabwereketsa foni pa chinkhoswe cha mlongo wanga ku Ngabu, inalira pa sipika tsiku lonse. Pano Daily Mix yanga pa Spotify yangodzaza amapiano, pomwe ine ndimamvera rege ndi makwaya. Nditsegule akaunti ina basi?"

Achimwene, akaunti musaitaye, ikonzeka. Yanga inaonongekapo chimodzimodzi pomwe mphwanga ankailumikiza ku sipika mu shopu yake yometera ku Nchalo kwa milungu iwiri.

Pulogalamuyi siona nkhope, imangowerenga zochitika pa akaunti. Nyimbo ikalira kupitirira masekondi 30 imawerengedwa kuti yamveredwa. Ikafika kumapeto, ikabwerezedwa, kapena wina akaisunga mu Liked Songs, imalemera kwambiri. Ikadumphidwa msanga imapepuka. Kenako imayang'ana anthu ena omvera nyimbo zomwezo, n'kukutengerani zina zomwe iwowo amakonda. Ndiye taganizani: pa chinkhoswe palibe amadumpha nyimbo anthu ali m'bwalo, ndipo yomwe yakoma amaibwereza kanayi. Maola 8, nyimbo iliyonse mphindi 4, ndi nyimbo 120 zomveredwa mpaka kumapeto. Inu mwina mumamvera 10 madzulo kukazizirako. Tsiku limodzi lija lafanana ndi masiku anu 12, ndipo ndi laposachedwa, lomwe pulogalamuyi imalisamala kwambiri.

Musanakhudze kalikonse, tsegulani ma Daily Mix onse, amafika mpaka 6. Iliyonse ndi mulu wake, monga amayi a pamsika amaunjikira tomato payekha, anyezi payekha. Ngati amapiano atenga mulu wawo umodzi ndipo wa rege uli bwinobwino, vuto ndi laling'ono. Osautsegula muluwo, ngakhale kungosuzumira mwachidwi, uzilala wokha.

Povuta ndi pomwe zachilendo zalowa mu mulu wanu. Kwa ine zinagwera makwaya. Mmene ndinaonera, oimba a kuno ali ndi omvera ochepa, ndipo anthu omwewo amamvera kwaya m'mawa, zovina madzulo, choncho pulogalamuyi imangoziona zonse ngati za mtundu umodzi. Ndinkati ndikayatsa Lamulungu m'mawa, kwaya ikatha pabwera nyimbo ya m'bala, ana n'kumandiyang'ana.

Choyamba funsani amene ankasankha nyimbo tsikulo: ankaliza kuchokera pa mndandanda umodzi, kapena ankasaka imodziimodzi? Ngati unali mndandanda, upezeni pa zomwe zalira posachedwa, dinani timadontho titatu, musankhe Exclude from your taste profile. Batani limeneli linabwera mu 2023, ndipo limapeputsa zomwe zinamveredwa kale pa mndandandawo komanso zamtsogolo. Silisintha zinthu ola lomwelo, lipatseni masiku angapo. Ngati ankasaka imodziimodzi, kuziunjika pa mndandanda watsopano lero n'kuudinira batani limeneli sikungathandize, chifukwa sizinalire kuchokera pamenepo. Apa muzizibisa imodziimodzi zikatulukira mu Daily Mix.

Kenako pitani mu Liked Songs. Ambiri amaiwala pamenepa. Ine ndinapezamo nyimbo 14 zomwe makasitomala anasunga podikira kumetedwa, ndipo ndizo zinkakokabe zinzake ngakhale sipika itasiya kulira. Onaninso oimba omwe akaunti ikuwatsatira, muchotse osawadziwa.

Pali batani lina pa tsamba la woimba, Don't play this artist. Ndi nkhwangwa imeneyo, osati lumo. Ndinamutsekera woimba wina chifukwa cha nyimbo imodzi, n'kuiwala kuti ali ndi ziwiri zomwe ndimazikonda, ndipo ndinatha mwezi ndikudabwa kuti zapita kuti.

Batani lofufutira mbiri yonse pa Spotify palibe, ndiye chotsala n'kumvera zanu. Koma musasiye foni ikulira rege usiku wonse muli mtulo kuti mubweze. Bandulo ithera pachabe, ndipo mndandanda ukatha pulogalamuyi imapitiriza yokha ndi nyimbo zomwe yasankha, n'kuziwerenga ngati mwazimvera. Sakani dzina la woimba wanu, mumvere nyimbo mpaka kumapeto, musunge zomwe mwazikondadi. Yanga inabwerera m'malo mwake patatha pafupifupi milungu itatu, makwaya ndiwo anachedwa kuyera.

Ukwati ukubwera, ndipo foni yomweyo adzaipemphanso. Musanaipereke, lowani mu Settings muyatse Private session, kuti nyimbo za tsikulo zisasokoneze zomwe pulogalamuyi imakusankhirani. Dziwani kuti imazima yokha pakatha maola 6, ndiye mukayatsa Lachisanu usiku, Loweruka m'mawa muyatsenso musanapatse alamu anuwo.