Mawu oti "monga mwa nthawi zonse" anandiphera malebulo 5,000

"Ndimapanga sopo wamadzi ndipo ndikufuna kusintha lebulo pa oda yanga yachitatu. Osindikiza ake ndi omwe aja, timadziwana bwino. Kodi ndikawapempha kuti andionetse kaye zomwe asindikize, saganiza kuti sindiwakhulupirira?"

Mayi, imelo yanuyi yanditosa pabala, chifukwa manyazi omwewa anandilowetsapo m'madzi.

Ine ndimagulitsa mafuta odzola. Nthawi ina ndinasiya botolo la 200 ml n'kuyamba la 250 ml. Ndinatumiza lebulo yatsopano pa imelo, kenako n'kuimbira bambo amene ankalandira maoda athu. Ndinangoti, "Monga mwa nthawi zonse bwana, koma mugwiritse yatsopano ija." Iwo anati amva. Patatha milungu iwiri mipukutu inafika, malebulo 5,000. Ndinamatula imodzi n'kuimata pabotolo. Inali yaifupi moti kumbuyo kunatsala mpata wa zala ziwiri, ndipo m'munsi mwake munali 200 ml yomwe ija. Ndinakhala pansi botolo lili m'manja, mtima uli phaphapha, podziwa kuti makasitomala akudikira katundu Lachisanu.

Bambo aja sanachite dala, ndipo zinanditengera nthawi kuti ndimvetse. Oda yobwereza imayenda ndi nambala ya ntchito yakale. Woyendetsa makina saona imelo yanu, amaona pepala la ntchito. Nambala ikakhala yomweyo, amakatenga pashelefu mapuleti akale odindira inki palebulo, pamodzi ndi mpeni wodulira lebulo wa saizi yakale. Pamakina a mapuleti mtundu uliwonse wa inki uli ndi puleti yake, choncho kusintha nambala imodzi yokha kumafuna kupanga puleti ina. Saizi ikasintha, mpeni nawo umasintha. Imelo yanga inagona mukompyuta ya munthu mmodzi, makina akugwira zadzana.

N'chifukwa chake ndikunena mosapsatira: oda yomwe yasintha ngakhale chilembo chimodzi si yobwerezanso ayi, ndi ntchito yatsopano. Ndipo wosindikiza wodziwa ntchito yake sakhumudwa mukapempha pulufu, chitsanzo cha lebulo choti muone n'kuvomereza asanasindikize, chifukwa siginecha yanu yovomereza imamuteteza iyenso. Amene angakwiye nazo, musamupatse ntchito.

Koma siginechayo ili ndi minga yake. Titakangana anavomera kusindikizanso, ulendo uno n'kunditumizira pulufu. Ndinaitsegula pafoni ndili pa ulendo, ndinaona 250 ml, n'kuyankha kuti zili bwino. Bakhodi sindinaiyang'ane. Inali yakale. Kuchuluka kwa zam'botolo kukasintha, katunduyo amafunika nambala yakeyake ya bakhodi, apo ayi makina apatilu amamuwerenga ngati botolo laling'ono lija, mtengonso wa laling'onolo. Apa ndinalibe pothawira, ndinali nditavomereza ndekha. Tinachita kumata tizomata pamwamba, botolo limodzilimodzi, mpaka zala kuuma.

Za foni ndiwonjezeko pang'ono. Mtundu womwe mukuuona pasikirini umapangidwa ndi kuwala, pomwe wapalebulo ndi wa inki, ndiye safanana. Kubiriwira kowala pafoni kumatha kutuluka kozilala. Ngati mtundu wa lebulo ya sopo wanu ndi womwe anthu amakudziwirani, atumizireni osindikiza lebulo yakale yeniyeni kuti ayerekezere, kapena mugwirizane nambala ya Pantone, yomwe osindikiza amadziwira mtundu weniweni wa inki. Musakumbukire lebulo yokha. Katoni yakunja nayo imakhala ndi dzina, saizi ndi kuchuluka kwa mabotolo, ndipo kawirikawiri imasindikizidwa kwina. Yanga inakhala miyezi ikunena zakale osadziwa ine.

Nanga muwalembere chiyani?

Lembani, musangoimba. Pamutu pa imelo nenani kuti lebulo yasintha ndipo asasindikize musanavomereze. Tchulani chilichonse chomwe chasintha, chakale ndi chatsopano moyandikana. Fayilo muipatse dzina losasokoneza:

```
sopo_500ml_v3.pdf
```

Apempheni nambala ya ntchito yatsopano, achotse fayilo ndi mapuleti akale, komanso akuuzeni ngati ali ndi malebulo akale otsala m'sitolo mwawo, chifukwa amenewo amatha kusakanikirana ndi atsopano.

Pulufu ikabwera, ikhale PDF yochokera kwa iwo, osati fayilo yanu yomwe akubwezerani. Isindikizeni papepala pa saizi yake yeniyeni ya 100%, muidule ndi lumo, muikulunge pabotolo lenileni. Wina awerenge mokweza mawu ndi manambala onse inu mukutsatira ndi chala, kuphatikizapo manambala 13 apansi pa bakhodi ngati ndi ya EAN-13, kenako muiyese ndi sikana. Mukapeza cholakwika, pemphani pulufu ina, osavomera zoti "tikonza posindikiza". Poyankha lembani dzina la fayilo mwavomerezayo ndi tsiku lake, ndipo imeloyo muisunge mpaka katundu atafika ndipo mwatsegula mpukutu woyamba.