Magetsi atathima, Untitled-1 yanga inapita kuti?

"Ndimaphunzira kulemba mapulogalamu pa kompyuta ya patebulo kuno ku Luwinga, ya Windows, ndipo ilibe batire. Dzana magetsi anathima ndili mkati molemba mu VS Code. Atayaka, index.html ndinaipeza yonse, koma Untitled-1 momwe ndinalembamo zambiri sindikuiona. Chonsecho Auto Save inali yoyatsa. Kodi yapitiratu?"

Achimwene, mwina sinapite. Koma musanatsegule china chilichonse, dinani batani la Windows pamodzi ndi R, mulembe izi:

```
%APPDATA%\Code\Backups
```

Foda imene itseguke muikopere yonse pa fulashi kapena pena paliponse. Chitani zimenezi VS Code ili yotseka. Chifukwa chake ndi chakuti pulogalamuyi imafufuta yokha zimene zili mmenemo ikaona kuti sizikufunikanso, ndipo munthu amene wasokonezeka, akungotsegula ndi kutseka zinthu, akhoza kuzifufutitsa osadziwa.

Mu VS Code muli njira ziwiri zosiyana zimene anthu amaziyesa imodzi. Yoyamba ndi Auto Save. Iyi imangokudinirani Ctrl+S, basi. Mukaiyatsa pa File > Auto Save, files.autoSave imakhala pa afterDelay, ndipo fayilo imalembedwa pa disiki pakangodutsa kanthawi kamene kali pa files.autoSaveDelay. Nambala imene imabwera nayo ndi 1000, kutanthauza sekondi imodzi. Palinso onFocusChange, imene imaseva mukachoka pa fayiloyo, ndi onWindowChange, imene imadikira kuti muchoke mu VS Code kupita ku pulogalamu ina. Ziwirizi kwa ife a magetsi othimathima sizithandiza kwenikweni, chifukwa munthu atha kukhala ola lathunthu pa fayilo imodzi osasuntha.

Tsono kuti Auto Save igwire ntchito, fayilo iyenera kukhala ndi dzina ndi malo pa disiki. index.html yanu inali nazo, n'chifukwa chake munaipeza yonse. Untitled-1 inalibe. Simunaiuzepo kuti ikhale foda iti, ndiye Auto Save inalibe koilemba, ndipo inkangoidumpha ngakhale munalembamo tsiku lonse.

Imene inkaisamala ndi njira yachiwiri, yomwe hot exit imadalira. Fayilo iliyonse imene mwasintha koma simunaseve, ija imaonetsa kadontho pamwamba pafupi ndi dzina lake, VS Code imailembera kope yapadera mu foda ya Backups ija pakadutsa sekondi imodzi kapena ziwiri mutasiya kutayipa. Fayilo yanu yeniyeni siikhudzidwa. Hot exit, imene inabwera mu 2016, ndi chilolezo chabe chakuti mutseke pulogalamu osafunsidwa zoseva, poti makopewo alipo ndipo adzabwezedwa mukatsegulanso. Koma makopewo sayembekezera kuti mutseke bwinobwino. Amalembedwa mukugwira ntchito, ndiye kaya pulogalamu yafa yokha, kaya magetsi athima, chimene mumataya kawirikawiri ndi mawu ochepa omaliza okha.

Nanga bwanji simukuiona? Chimene ndimakumana nacho kwambiri ndi ichi: makope amamangiriridwa ku foda imene inali yotsegula pa nthawiyo. Tinene kuti munkagwira ntchito mu foda yotchedwa sukulu, ndipo Untitled-1 munaitsegulira mmenemo. Magetsi atabwera mwina munangodina kawiri pa index.html, kapena munatsegula foda ina, ndiye mukuyang'ana pa windo imene si yake. Pitani pa File > Open Recent > More... ndipo musankhe foda yeniyeni ija. Ngati kope ilipo, Untitled-1 itulukira ndi kadontho kake. Pomwepo dinani Ctrl+S muipatse dzina.

Zikakanika, bwererani ku foda munakopera ija. Mkati mwake mupeza mafoda a mayina osamveka, manambala ndi zilembo zosakanikirana, ndipo mkati mwa amenewo muli ena awiri: file, wa mafayilo amene ali ndi mayina, ndi untitled, wa opanda mayina. Wanu ndi wachiwiriyo. Mafayilo a mmenemo alibe .txt kumapeto, koma ndi mawu wamba, Notepad imawatsegula bwinobwino. Mzere woyamba ndi wa VS Code yokha, umanena kuti kopeyo ndi ya fayilo iti. Kuyambira mzere wachiwiri ndi zolemba zanu. Ngati mafoda achuluka, kumbukirani liwu limodzi limene munalemba, tinene chindindindi, mulifufuze mu PowerShell, koma m'malo mwa E:\Backups mulembe pamene munakopera foda ija:

```
Get-ChildItem "E:\Backups" -Recurse -File | Select-String "chindindindi"
```

Amene ali pa Linux, foda yake ndi ~/.config/Code/Backups ndipo grep -r imachita zomwezo.

Pali njira imodzi imene ikapezeka kuti ndi imene inachitika, palibenso chochita mu VS Code. Ngati magetsi atayaka Untitled-1 inabwera, inu n'kuitseka mwachangu, n'kudina Don't Save pofuna kuchotsa kabokosi kakufunsako, kope yake inafufutidwa nthawi yomweyo. Hot exit imateteza potseka pulogalamu, osati potseka fayilo imodzi. Ndipo ngakhale potseka windo pali kusiyana: files.hotExit ikakhala pa onExit, monga imabwerera, imagwira mukatseka windo yomaliza kapena pulogalamu yonse. Mukakhala ndi mawindo awiri n'kutseka imodzi, mufunsidwabe. Kuti isamafunse pa windo ya foda, pamafunika onExitAndWindowClose.

Koma musaganize kuti index.html ndi yotetezeka kotheratu chifukwa ulendo uno yapulumuka. Pulogalamu ikanena kuti yaseva, nthawi zambiri imakhala yangopereka zolembazo kwa Windows, ndipo Windows imayamba yazisunga m'memore kwa kanthawi isanazitsitsire pa disiki. Magetsi akathima pakati pamenepa, mutha kupeza fayilo ili ndi kukula kwake koyenera koma mkati muli zilembo zopanda kanthu zokhazokha zotchedwa NUL, kapena ilibiretu kanthu. Mudzazindikira poona kuti VS Code ikukana kuionetsa ngati mawu, ikunena kuti ndi ya mtundu wina. Choipa n'chakuti pamenepa kope ya mu Backups imakhala kulibe, poti inachotsedwa kuseva kutangotheka. Sizichitika kawirikawiri, komatu afterDelay imalemba pa fayilo yeniyeni pafupipafupi, ndiye mpata woti mdima ukupezeni pa mphindi yolakwikayo umakulirapo pang'ono.

Chokupulumutsani apa ndi Local History, imene inabwera mu 2022. Nthawi iliyonse fayilo ikasevedwa, VS Code imasunga mmene inalili mu foda ina, User\History, ndipo imasunga mpaka 50 pa fayilo imodzi, bola fayiloyo isapitirire 256 KB. Tsegulani fayilo yowonongekayo, muyang'ane pa Timeline kumunsi kwa mndandanda wa mafayilo, musankhe ya mphindi zingapo magetsi asanathime. Mukhozanso kudina Ctrl+Shift+P n'kulemba Local History: Find Entry to Restore. Dziwani kuti izinso zimathandiza mafayilo okhawo amene anasevedwapo. Untitled-1 mmenemu mulibe.

Pa kompyuta ngati yanuyo ine ndingasiye afterDelay yoyatsa, chifukwa ndi Local History kumbuyo kwake phindu limaposa chiopsezo. Ndingasinthe chizolowezi chimodzi chokha: mukangodina Ctrl+N, dinaninso Ctrl+S musanalembe kanthu, ngakhale dzina likhale zolemba.txt. Pamenepo fayiloyo yalowa m'manja mwa Auto Save ndi Local History, siikudaliranso kope imodzi yokha ija. Ndipo ndalama zikapezeka, kabokosi ka batire kosungira magetsi a kompyuta, ngakhale kokhalitsa mphindi zisanu zokha, ndi kamene kamathetsa vuto la NUL, poti Windows imapeza nthawi yoti imalize kulemba. Mundiuze zimene mupeze mu foda ya untitled.